Chifukwa chake msika umaperewera pa zinthu zopindulira onse, ndi mmene mlingo woyenera umapezekera

Pa zinthu zambiri zimene anthu amagula, msika umagwira ntchito yake popanda wina kuulamula. Munthu akafuna nsapato amayerekeza mtengo wake ndi phindu limene adzapeze pozivala, ndipo akaona kuti phindulo likuposa mtengo, amagula. Wopanga nsapato nayenso amapitiriza kupanga malinga ngati ndalama zimene akulandira pa peyala imodzi zikuposa zimene akuwononga poipanga. Dongosolo limeneli limayenda bwino chifukwa cha mfundo imodzi imene nthawi zambiri sitchulidwa, yakuti amene walipira ndi yemweyo amene akulandira phindu lonse la chinthucho. Pali gulu lina la zinthu limene mfundo imeneyi siligwira, ndipo pa zinthu zimenezo msika umapereka zochepa kuposa zimene anthu omwewo akadakondwera kulipira akadawerengera pamodzi.

Akatswiri a zachuma amazindikira zinthu zopindulira onse ndi makhalidwe awiri. Loyamba ndi lakuti anthu salandana chinthucho: munthu mmodzi akachigwiritsa ntchito, chotsalira anzake sichichepa. Kuwala kwa nyale ya mumsewu sikutha chifukwa chakuti anthu ambiri adutsa pansi pake, pomwe nsapato zimene wina wavala sizingavalidwenso ndi mnzake pa nthawi yomweyo. Lachiwiri ndi lakuti nkosatheka, kapena nkodula kwambiri, kuletsa amene sadalipire kuti asapindule. Nyale ikayaka imaunikira wolipira ndi wosalipira yemwe. Chitetezo cha dziko, khoma lotchinga madzi osefukira, chenjezo la mphepo yamkuntho, ndi nzeru zimene asayansi atulukira nazifalitsa, zonsezi zili ndi makhalidwe awiriwa pa mlingo waukulu. Ndi bwino kuchenjeza pano kuti si chilichonse chimene boma limapereka chimene chili m'gulu limeneli. Bedi la m'chipatala cha boma ligonedwa ndi wodwala mmodzi pa nthawi imodzi, choncho anthu amalandana, ngakhale kuti pali zifukwa zina zomveka zimene boma limaperekera chithandizo chotero. Chimene chikuika chinthu m'gululi ndi chikhalidwe chake, osati dzina la amene akuchipereka.

Makhalidwe awiriwa amabala mavuto awiri osiyana, ndipo kuwasakaniza ndi kumene kumasokoneza ophunzira ambiri. Kusalandana ndi kumene kumasintha kawerengedwe ka phindu, ndipo kusatheka kuletsa ndi kumene kumachititsa anthu kusalipira. Kuti zimenezi zioneke bwino, tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti pali msewu wamdima umene mabanja atatu, A, B ndi C, amadutsamo usiku. Kuika nyale imodzi ndi kuiyatsa kwa chaka chathunthu kumafuna ndalama zokwana 90, ndipo mtengowu ndi womwewo pa nyale iliyonse. Dzina la ndalamazo lilibe kanthu pa nkhaniyi. Funso limene tifunse banja lililonse si lakuti kuwala likukukonda motani, koma lakuti lingalolere kulipira ndalama zingati, pazipita, kuti pawonjezeredwe nyale imodzi pamwamba pa zimene zilipo kale. Yankho la funso limeneli ndi limene limatchedwa phindu lowonjezera. Phinduli limatsika nyale zikamachuluka, chifukwa nyale yoyamba imaikidwa pamalo oopsa kwambiri, yachiwiri pamalo otsatira, ndipo pofika pa yachisanu ndi chimodzi, mbali yaikulu ya msewu imakhala ikuoneka kale. Tiyerekeze kuti mabanjawa anena zoona, ndipo mayankho awo ndi awa:

| Nyale | Banja A | Banja B | Banja C | Onse pamodzi |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 100 | 70 | 50 | 220 |
| 2 | 80 | 55 | 40 | 175 |
| 3 | 60 | 45 | 30 | 135 |
| 4 | 40 | 35 | 20 | 95 |
| 5 | 25 | 20 | 15 | 60 |
| 6 | 10 | 10 | 5 | 25 |

Tiyambe ndi zimene zingachitike banja lililonse likamaganiza palokha, monga momwe ogula amachitira pa msika. Banja A liona kuti nyale yoyamba ikulipatsa phindu la 100 pa mtengo wa 90, choncho ligula. Likafika pa nyale yachiwiri, phindu lake ndi 80, lomwe silikufika pa 90, ndipo lilekera pomwepo. Banja B, poona kuti nyale yoyamba yayaka kale ndipo ikuliunikira kwaulere, silingaganizenso za nyale imeneyo. Nyale imene lingagule ndi yachiwiri, yomwe kwa ilo ikuyenera 55 basi, ndipo palibe amene angapereke 90 kuti alandire 55. Banja C lili kutali koposa. Mathero ake, msewu wonsewo ukhala ndi nyale imodzi.

Palibe banja limene lachita mopusa kapena mwankhanza pamenepa, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuigwira. Banja A lawerengera molondola phindu lake ndi mtengo wake. Chimene silidaike m'kuwerengera kwake ndi chakuti nyale yachiwiri ikadapatsanso banja B phindu la 55 ndi banja C phindu la 40. Phindu limenelo ndi lenileni, koma siligwera m'thumba la amene akulipira, choncho msika sulimva. Nyale yachiwiri, imene aliyense payekha waikana, ikadabweretsa phindu la 175 pa mtengo wa 90.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kaphatikizidwe. Pa galafu imene akatswiri a zachuma amajambula, mzere wogona umaonetsa kuchuluka kwa chinthu, ndipo mzere woimirira umaonetsa ndalama. Munthu aliyense amakhala ndi mzere wake wotsetsereka, woonetsa ndalama zimene angalolere kulipira pa chinthu chilichonse chowonjezera. Kuti tipeze mzere wa gulu lonse tiyenera kuphatikiza mizere ya anthuwa, ndipo pali njira ziwiri zochitira zimenezi, cham'mbali kapena moimirira. Kusankha pakati pa njira ziwirizi si nkhani ya kakonzedwe ka chithunzi, koma kumachokera ku chikhalidwe cha chinthu chimene tikuwerengacho.

Tiyerekeze kaye kuti manambala omwewa akunena za nyale za m'nyumba, zimene iliyonse imaunikira banja limodzi lokha limene laigula. Pa chinthu chotere onse amaona mtengo umodzi, koma aliyense amasankha kuchuluka kwake. Mtengo utakhala 48, banja A ligula nyale 3, chifukwa yachitatu ikuyenera 60 pomwe yachinayi ikuyenera 40. Banja B ligula 2, ndipo banja C ligula imodzi. Msika wonse ukufuna nyale 6 pa mtengo umenewu. Tagwira mtengo kuti usasunthe, ndipo taphatikiza kuchuluka, kutanthauza kuti tayenda cham'mbali pa galafu. Tikabwerera ku mtengo wa 90, nyale ya m'nyumba imene ingagulidwe ndi imodzi yokha, ya banja A, ndipo pamenepo palibe cholakwika chilichonse, pakuti nyale ina iliyonse ikadapatsa mwini wake phindu losafika pa 90 ndipo sikadapindulira wina aliyense.

Pa nyale za mumsewu zinthu zimatembenuka. Sizingatheke kuti banja A likhale ndi nyale 3 pamene banja C lili ndi imodzi, chifukwa msewu ndi umodzi ndipo nyale zimene zayaka zayakira onse. Chimene chili chofanana kwa onse tsopano ndi kuchuluka, ndipo chimene chikusiyana ndi phindu limene aliyense akupeza. Choncho timagwira kuchuluka kuti kusasunthe, nkufunsa kuti nyale imeneyi ikupatsa aliyense phindu lotani, kenaka nkusanjikiza mayankhowo limodzi pamwamba pa linzake. Pa nyale yachitatu timayamba ndi 60 ya banja A, kuikapo 45 ya banja B, kuikaponso 30 ya banja C, ndipo msinkhu wake ufika pa 135. Uku ndi kuphatikiza moimirira, ndipo ndi kumene kwatipatsa danga lomaliza la tebulo lija. Chilolezo chophatikiza motere chikuchokera ku kusalandana kokha: popeza kuwala kumene banja A likulandira sikuchotsa kanthu pa kumene banja B likulandira, nyale imodzi ikupereka mapindu atatu nthawi imodzi, ndipo onsewo ayenera kuwerengedwa.

Tikatero, kupeza mlingo woyenera sikuvutanso. Nyale yoyamba ikubweretsa 220 pa mtengo wa 90, ndipo patsala 130. Yachiwiri ikubweretsa 175, patsala 85. Yachitatu ikubweretsa 135, patsala 45. Yachinayi ikubweretsa 95, ndipo ngakhale chotsala ndi 5 yokha, ikuyenerabe kuikidwa. Yachisanu ikubweretsa 60 pa mtengo wa 90, kutanthauza kuti mabanjawa onse pamodzi ataya 30 akaiika. Mlingo woyenera ndi nyale 4. Msika udalekera pa nyale imodzi, motero udataya 85, 45 ndi 5, zomwe pamodzi ndi 135 chaka chilichonse. Ndalama zimenezi palibe amene wazilanda kwa mnzake. Ndi phindu limene likadakhalapo koma silidabadwe konse.

Pamene chinthu chingagawidwe m'tizigawo ting'onoting'ono, monga msinkhu wa khoma lotchinga madzi, lamuloli limalembedwa ngati kufanana kwa mbali ziwiri. Zilembo MB zikuimira phindu lowonjezera la munthu aliyense, ndipo MC zikuimira mtengo wowonjezera:

```
MB_A + MB_B + MB_C = MC
```

Pa chinthu chimene anthu amalandana, lamulo lake ndi losiyana, chifukwa phindu lowonjezera la munthu aliyense payekha ndi limene limafanana ndi mtengo:

```
MB_A = MB_B = MB_C = MC
```

Kusiyana kwa mizere iwiriyi kuli pa chizindikiro chimodzi chokha, koma ndi kumene kwalekanitsa nyale imodzi ndi nyale zinayi. Lamulo loyambalo limadziwika ndi dzina la Paul Samuelson, katswiri wa zachuma wa ku America, amene adalilemba m'masamu mu 1954, ngakhale kuti ganizo losanjikiza mapindu lidaonekera kale m'ntchito za Erik Lindahl wa ku Sweden mu 1919 ndi Howard Bowen wa ku America mu 1943.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri pogwiritsa ntchito lamuloli, ndipo zonse zimaoneka zanzeru poyamba. Choyamba ndi kuyang'ana phindu lonse m'malo mwa phindu lowonjezera. Wina anganene kuti nyale 5 zikubweretsa phindu lonse la 685 pa mtengo wa 450, ndipo popeza phindu likuposa mtengo kutali, ziikidwe zonse zisanu. Manambalawo ndi oona, koma afunsidwa funso lolakwika. Nyale 4 zikubweretsa 625 pa mtengo wa 360, kusiya 265, pomwe nyale 5 zikusiya 235. Nyale yachisanu yabisala kumbuyo kwa phindu lalikulu la zinzake zoyambirira. Njira yozindikirira cholakwikachi ndi kufunsa nthawi zonse kuti gawo lomaliza la ntchitoyo, palokha, likubweza ndalama zake kapena ayi. Ine ndimaona kuti cholakwika chimenechi ndi choopsa kuposa chinzake, chifukwa ntchito yokula mopyola muyeso imatha kudziteteza ndi manambala oona. Chachiwiri ndi kutenga phindu lapakatikati nkuliyerekeza ndi mtengo wonse. Pa nyale yachiwiri, 175 ikagawidwa patatu ikupereka pafupifupi 58, ndipo amene angayerekeze 58 ndi 90 aikana nyaleyo molakwika. Ngati phindu lagawidwa patatu, mtengonso ugawidwe patatu, ndipo 58 iyerekezedwe ndi 30.

Munthu angafunse, ndipo ali ndi chifukwa, kuti bwanji mabanja atatuwa osangokhala pansi nkusonkherana. Mabanja atatu okha angathedi kutero, koma ngakhale pamenepo pali msampha, ndipo ukuchokera ku khalidwe lachiwiri lija, la kusatheka kuletsa wosalipira. Lindahl adaganiza za dongosolo loti aliyense azilipira gawo la mtengo lolingana ndi phindu lowonjezera limene akupeza pa mlingo womaliza. M'chitsanzo chathu, banja A likhoza kulipira 38 pa nyale iliyonse, banja B 33, ndi banja C 19, zomwe pamodzi ndi 90. Pa mitengo imeneyi banja lililonse palokha lisankha nyale 4: kwa banja A nyale yachinayi ikuyenera 40, kuposa 38, pomwe yachisanu ikuyenera 25, kwa banja B ndi 35 ndi 20 poyerekeza ndi 33, kwa banja C ndi 20 ndi 15 poyerekeza ndi 19. Onse agwirizana popanda wokakamizidwa, ndipo dongosololi ndi lokongola pa pepala.

Vuto ndi lakuti manambala a m'tebulo lija ali m'mitima ya eni ake, ndipo aliyense akudziwa kuti zimene anene ndi zimene zikhazikitse gawo lake la malipiro. Banja C likanena zoona lilandira phindu la 140 kuchokera ku nyale zinayi, lilipira 76, ndipo litsala ndi 64. Likanena kuti silituluka usiku ndipo kuwala lilibe nako ntchito, mapindu owerengedwa atsala a mabanja awiri okha, omwe ndi 170, 135, 105 ndi 75, ndipo nyale zimene ziikidwe ndi 3. Banja C liunikiridwa ndi nyale zitatuzo kwaulere, nkupeza 120. Kubisa kwalipindulira pafupifupi kawiri kuposa kunena zoona. Banja B likaona zimenezi liwerengeranso. Likapitiriza kunena zoona, gawo lake likwera kufika mwina pa 39 pa nyale iliyonse, ndipo pa phindu la 170 lilipira 117, nkutsala ndi 53. Likabisa nalonso, banja A ligulabe nyale yoyamba palokha, ndipo banja B lipeza 70 popanda kutulutsa kanthu. Motero msewu wabwereranso pa nyale imodzi ija. Uku ndi kukolola posalima, ndipo akatswiri a zachuma amakuika pakati penipeni pa vutoli. Samuelson mwiniwake adaona kuti aliyense ali ndi chifukwa chonamizira kuti chinthu chopindulira onse sakuchifuna kwenikweni, ndipo chifukwa cha ichi palibe dongosolo la mitengo ya pa msika limene lingapeze mlingo woyenerawo palokha. Pa nsapato munthu sangabise kufuna kwake, chifukwa akabisa ayenda wopanda nsapato. Pa nyale ya mumsewu wobisa amayendabe m'kuwala.

Gulu likamakula vutoli limakulanso. Tiyerekeze msewu wa anthu 1,000, pomwe nyale imodzi ikupatsa aliyense phindu la 1. Kuphatikiza moimirira kukupereka 1,000 pa mtengo wa 90, koma palibe munthu mmodzi amene angaigule, ndipo aliyense akudziwa kuti chopereka chake chikasowa palibe amene adzazindikire. Mancur Olson adafotokoza mu 1965 kuti magulu aang'ono, makamaka amene ali ndi membala mmodzi wopindula kwambiri monga banja A, amatha kudzipezera zinthu zotere pang'ono, pomwe magulu aakulu kawirikawiri amalephera ngati palibe chokakamiza kapena mphotho yapadera kwa wopereka. Nkoyenera kunena kuti anthu enieni sabisa kotheratu monga momwe kuwerengera kouma kumaneneratu. M'zoyesa zambiri zimene ofufuza achita, pomwe anthu amapatsidwa ndalama nkusankha zoika m'thumba la gulu, ambiri amayamba ndi kupereka pafupifupi theka, koma zopereka zimatsika masewerawo akamabwerezedwa, pamene opereka aona kuti anzawo sakupereka. Chifundo ndi manyazi zimachepetsa vutoli, koma sizilichotsa.

Nchifukwa chake zinthu zotere nthawi zambiri zimalipiridwa ndi msonkho, umene munthu sangaukane ponena kuti chinthucho sachifuna. Koma msonkho umathetsa vuto la kulipira lokha, ndipo suuza boma kuti nyale zikhale zingati. Boma likangoika nyale imodzi m'msewu wathu uja, banja A lisiya kugula yake, popeza nyale yotsatira kwa ilo ikuyenera 80 basi, ndipo msewu ukhalabe ndi nyale imodzi; chasintha ndi wolipira yekha. Kuvota nakonso sikuphatikiza mapindu moimirira, chifukwa kumawerenga manja osati kukula kwa phindu. Mtengo ukagawidwa mofanana, 30 pa banja, mabanja A ndi B avotera nyale 4 ndipo apambana, zomwe zagwirizana ndi mlingo woyenera, koma kugwirizana kumeneku kwangochitika chifukwa cha manambala athu. Tiyerekeze kuti lamulo la msonkho likulipiritsa banja A 22, banja C 12, ndi banja B 56 pa nyale iliyonse. Nyale yachisanu ipatsa banja A phindu loposa malipiro ake ndi 3, banja C chimodzimodzi ndi 3, ndipo awiriwa aivomera, pamene banja B litaya 36. Nyale yotayitsa gulu 30 yaikidwa ndi mavoti awiri mwa atatu. Choncho kulephera kwa msika sikutsimikizira kuti boma lipeza mlingo woyenera. Lingaperewere kapena kupyola, ndipo muyeso woweruzira zonse ziwiri ndi womwewo, wa mapindu osanjikizidwa poyerekeza ndi mtengo wowonjezera.

Ofufuza ayesa kupeza njira zochititsa anthu kunena zoona. William Vickrey mu 1961, Edward Clarke mu 1971 ndi Theodore Groves mu 1973 adayala maziko a dongosolo limene munthu salipiritsidwa molingana ndi phindu limene wanena, koma molingana ndi zimene yankho lake latayitsa anzake posintha chigamulo cha gulu. Pa dongosolo limeneli kunama sikupindula. Komabe lili ndi zofooka zake: ndalama zosonkhedwa sizifanana ndendende ndi mtengo wa chinthucho, ndipo anthu angapo akapangana kunama pamodzi amatha kuligonjetsa. Nchifukwa chake pa ntchito zenizeni owerengera amadalira zizindikiro zapambali, monga kusiyana kwa mitengo ya nyumba m'misewu yowala ndi yamdima, kapena mafunso okonzedwa mosamala, ndipo manambala otuluka amakhala oyerekeza chabe.

Lamulo la kusanjikizali lili ndi malire ena amene ayenera kukumbukiridwa. Phindu la munthu lingakhale lotsika kuposa ziro: ngati pali banja lachinayi limene nyale yachinayi ikuliwalira pazenera la kuchipinda, ndipo likadalolera kulipira 10 kuti isayake, 95 ija itsika kufika pa 85, ndipo mlingo woyenera ubwerera pa nyale 3. Kusonkhetsa msonkho nakonso kuli ndi mtengo wake, pa ntchito yotolera ndiponso pa kusintha kumene kumabweretsa pa kagwiridwe ka ntchito ndi kagulidwe ka anthu, ndipo ngati mtengo weniweni wa nyale wakwera motero kufika pa 100, nyale yachinayi igwanso. Malire aakulu koposa ndi akuti ndalama zimene munthu angalolere kulipira zimadalira zimene ali nazo. Banja C lingakhale limene limayenda usiku kwambiri ndi kuopa mdima koposa, koma manambala ake ndi otsika chifukwa ndi losauka. Lamulo la Samuelson limapeza mlingo wosataya phindu pa kagawidwe ka chuma kamene kalipo, ndipo kagawidweko kakasintha, mlingo woyenerawo ungasinthenso. Silinena kanthu ngati kagawidweko ndi kachilungamo, ndipo amene amaligwiritsa ntchito ngati kuti layankha funso limenelo akulisenzetsa katundu amene si wake.

Zinthu zambiri za m'moyo weniweni zili ndi khalidwe limodzi lokha mwa awiri aja, kapena zili nawo mpaka pa mlingo wina. Pa mlatho umene uli ndi magalimoto ochepa anthu salandana, koma nkotheka kuikapo chipata ndi kulipiritsa. Pamenepo msika ungaumange, koma vuto limasamukira kwina: malipiro amabweza anthu ena amene kuwoloka kwawo sikukadawonongetsa kanthu, ndipo phindu lawo limatayika. Mlatho womwewo ukadzaza, galimoto iliyonse yowonjezera imachedwetsa zinzake, kusalandana kumatha, ndipo malipiro amayamba kugwira ntchito yabwino yochepetsa kuthithikana.

Nsanja younikira zombo panyanja inali chitsanzo chotchuka cha chinthu chimene msika sungapereke, mpaka pamene Ronald Coase adaonetsa mu 1974 kuti ku England nsanja zambiri zakale zidamangidwa ndi kuyendetsedwa ndi anthu wamba ofuna phindu. Ena amatenga mbiri imeneyi ngati umboni wakuti vuto la zinthu zopindulira onse kulibe, koma tsatanetsatane wake akuonetsa zina. Eni nsanjawo sankagulitsa kuwala kwa chombo chilichonse chodutsa. Ankalandira chilolezo kuchokera kwa mfumu chowapatsa mphamvu yotolera malipiro, ndipo malipirowo ankatoleredwa pamadoko kuchokera ku zombo zimene zadutsa pafupi ndi nsanjazo, mwini chombo afune asafune. Doko ndi limene lidakhala chipata chimene nyanja ilibe, ndipo lamulo ndi limene lidatseka njira ya wosalipira. Mu 1836 nyumba ya malamulo ya ku Britain idapatsa Trinity House, bungwe loyang'anira nsanja zounikira zombo, mphamvu yogula nsanja za ku England zimene zidatsala m'manja mwa anthu wamba, ndipo malipiro a zombo adapitirirabe kukhala gwero la ndalama zoyatsira nsanjazo.